Nthawi Ziwiri pa Foni ya Alamu Anga

Mwana wanga atasiya kuyamwa, ndinayamba kuthamanga m'mawa mumsewu wa ku Nkopola. Ndinkafuna kulowa gulu la amayi lopita ku mpikisano ku Mangochi, koma ndinkaopa kupempha. Ndinkayang'ana wotchi ponyamuka ndi pobwera, ndipo inkandiuza kuti ndilibe liwiro.

Tsiku lina alamu anga, omwe amagwira ntchito pa loji, anandibwereka foni yawo yoyeza kathamangidwe. Nditabwerako, inaonetsa nthawi ziwiri.

"Yaikuluyi ndi yonse, kuchoka mpaka kufika," anatero. "Yaing'onoyi imawerenga pamene miyendo ikuyenda. Ukaima, nayonso imaima. Nanga pakatipa unali kuti, mlamu?"

Ndinaulula kuti ndimadikira malole adutse, kenako ndimamwa madzi pamjigo, ndipo sindingachoke osapereka moni kwa amayi onse otunga.

Anaseka mpaka kugwira nthiti. "Miyendo ilibe mlandu! Koma pa mpikisano amawerenga yonse. Magalimoto amawaimitsa, madzi umamwa ukuthamanga."

Sabata imeneyo ndinkathamanga ndi kabotolo, n'kumafika kunyumba malaya atanyowa, madzi ena atalowa m'mphuno. Amayi a pamjigo ndinkangowakwezera dzanja. Loweruka ndinapita ndekha kukapempha malo m'gulu la amayi lija, ndipo anandilandira.