Njerwa zisanu ndi pepala la mankhwala a adada

Amama tinawaika Lachitatu. Pofika Loweruka anthu anali atabalalika, pakhomo tinatsala awiri, ine ndi adada, ndi mulu wa mbale zobwereka. Sindinalire kumanda, sindinalirenso pambuyo pake. Ndinkangogwira ntchito. Azimayi a kutchalitchi ankandiyang'ana ngati mfiti, koma mumtima mwanga munali zii, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

Adada anali mphunzitsi kwathu ku Mphamba kufikira atapuma. Matenda a shuga anawadya maso pang'onopang'ono, mpaka anangotsala ndi kusiyanitsa kuwala ndi mdima. Mwezi uliwonse akapita kuchipatala ku boma ankabwera ndi pepala losindikizidwa la ndandanda wa mankhwala awo. Kumanzere kunali mayina a mankhwala, kenako mizere itatu yotsika: m'mawa, masana, madzulo. M'timabokosi munali manambala a mapilitsi, ndipo manambalawo ankasintha malinga ndi mmene awapimira. Mabotolo ankawadziwa ndi zala, chifukwa amama anawamangirira ulusi wa mfundo, ili imodzi, ili ziwiri. Koma pepala ankawawerengera ndi amama.

Ine ndimagwira ntchito m'kashopu kotaipa ndi fotokope ku Chipata, ndipo abwana anandipatsa masabata awiri okha. Ndinawauza adada kuti tipitire limodzi.

"Ndikakhale pampando m'kachipinda kako ngati wailesi yakufa? Yayi, mama. Pano ndimadziwa pali mtengo uliwonse."

"Nanga pepalali akuwerengerani ndani?"

Kuphika ndi kuchapa anali atavomera mlamu wanga, mkazi wa msuweni wanga, amene nyumba yake ili kuseri kwa nkhokwe. Koma iye sukulu anailekera panjira, Chingerezi cha pa pepala la dokotala n'chomuopsa. Adada nawonso anakana kwamtuwagalu zoti azizungulira mudzi ndi ndodo kupempha ana amene anawaphunzitsa okha kuti awawerengere. Ndiye tinapangana. Foni yawo inali ndi pulogalamu imene imajambula pepala, n'kuzindikira zilembo, n'kuwerenga mokweza. Akatha kujambula okha, foni n'kuwerenga molondola katatu motsatizana ine ndikuyang'ana pepala, atsala. Akalephera, akwera nane basi.

Ndinavomera chifukwa ndinkadziwa kuti alephera. Makina amenewa ndimalimbana nawo kuntchito tsiku ndi tsiku. Kalata amawerenga bwino, koma ndandanda wa timabokosi umawasokoneza ngakhale wojambulayo ali ndi maso awiri.

Tsiku loyamba anatulutsa pepala m'thumba la malaya. Linali lopindidwa kanayi, monga ankapindira pepala lililonse moyo wawo wonse, kaya ndi kalata ya kwa mfumu, kaya ndi nyimbo za kwaya. Analiyala pabondo m'nyumba, n'kugwira foni mopendeketsa ngati akuthira tiyi. Foni inalankhula. Inatchula mankhwala a shuga, kenako n'kupereka nambala ya madzulo ya mankhwala a kuthamanga kwa magazi, amene anali pa mzere wapansi pake. Mapilitsi awiri m'malo mwa theka.

"Mwamva? Mukanamwa zimenezo tikanakumbanso manda ena sabata yomweyi."

Ndinalankhula choncho, kwa munthu woti wangoika mkazi wake. Pakamwa panga sindipadziwa bwino ndikatopa.  Adada anangofunsa kuti, "Yalakwa pati? Ndiuze ngati ukuuza mwana wa giledi yoyamba."

Ndinawafotokozera. Foni siidziwa kuti awa ndi mankhwala. Imangoona zilembo, n'kutsata zimene zafola pa mzere umodzi kuchokera kumanzere kupita kumanja. Mukaipendeketsa, mbali ina ya pepala imaoneka yaikulu, ina yaing'ono, mizere n'kutsetsereka, ndiye pofika kumapeto nambala ya pansi yakwera pa mzere wa mnzake. Pepala likakhala pabondo limapindika ngati chikwatu, mizere n'kukhota. Mkwinya wa popinda paja unadutsa ndendende mumzere wa masana, n'kuthyola manambala pakati. Komanso m'nyumba muli mdima, ndipo mumdima foni imachedwa kutenga chithunzi, dzanja likangonjenjemera pang'ono zilembo zimapakika.

"Ndiye tiyatse katochi kake," anatero.

Tinayesa, pepala titaliika m'kapulasitiki kuti lisade. Kuwala kunagunda pulasitiki n'kubwerera, pakati pa chithunzi panangoti mbee, mzere wa m'mawa wonse unasowa. Tinatuluka padzuwa, pulasitiki titachotsa. Apa mthunzi wa dzanja lawo ndi wa foni unagwera pa pepala, theka loyera theka lakuda, foni n'kulumpha manambala a mumthunzi. Iwo mthunziwo sankauona. Ndinkawauza kuti sunthani, n'kusunthira kolakwika.

Chimene chinandichitikira sindichimvetsa mpaka lero. Ndinkafuna kuti alephere, koma ntchito yokhota imandinyansa. Manja anga anayamba okha kukonza zinthu. Mwina chinali chifukwa choti panalibe china chochita masana onse aja kupatula kuyang'ana zitenje za amama pa chingwe.

Pepala tinaligoneka pakati pa matabwa awiri, pamwamba n'kusanjikapo njerwa, masiku awiri. Adada anati tingolisita ndi nsimbi ya makala. Ndinakana, kutentha kumamatula inki ya makina osindikizira. Litatuluka linali lathyathyathya, mkwinya ukungooneka pang'ono. Ndinapeza chikuto cholimba cha kaundula wawo wakale wa kusukulu, ndinati kuyambira lero pepala la kuchipatala lizilowa umu osapinda.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikupinda."

"Ndiye mwasiya lero, aphunzitsi."

Malo tinasankha pakhonde, pa katebulo kawo, pamene kuwala kumafika kokwanira koma dzuwa silimenya mwachindunji kufikira masana. Vuto linatsala la manja. Munthu wosaona sangadziwe ngati foni yagona mofanana ndi pepala. Ndiye ndinasanja njerwa mbali ziwiri za tebulo, n'kuyalapo thabwa pamwamba ngati kamlatho, msuweni wanga n'kuboola kabowo pakati poti diso la foni lizisuzumira pansi. Anakhomanso timitengo tiwiri pa thabwalo poti foni izitsamira, ndi tina tiwiri pa tebulo, kupanga ngodya yoti pepala lizigunda. Kuwala kunkalowa kutsogolo, pansi pa thabwa, popanda dzanja lotchinga.

Tinayamba ndi njerwa zitatu mbali iliyonse. Zilembo zinaoneka zikuluzikulu, foni inawerenga mosadodoma, adada mpaka anaomba m'manja. Koma mzere wa madzulo sunalowe m'chithunzi, ndipo foni sinanene kuti pali chimene chasowa. Inangowerenga m'mawa ndi masana n'kukhala chete ngati yamaliza. Chimenechi chinandiopsa kuposa zonse. Ndinawauza kuti pa mankhwala alionse azimva manambala atatu, akamva awiri adziwe kuti pepala ladulidwa. Titaika njerwa zisanu ndi ziwiri pepala lonse linalowa, pamodzi ndi theka la tebulo, koma manambala anachepa kwambiri moti kanambala ka theka inakawerenga ngati khumi ndi ziwiri. Pa njerwa zisanu pepala linadzaza chithunzi, ngodya zonse zinayi zikuoneka ndi kampata pang'ono m'mbali.

Masiku otsalawo anayeserera okha. Ankapukuta diso la foni ndi nsonga ya malaya, kupapasa kadzenje kamene ndinadula pa ngodya ya pepala kuti adziwe kumwamba, kulikankhira pa timitengo, kusalaza ndi chikhatho, kugoneka foni, kuchotsa manja, kuwerenga mpaka zitatu, kenako kudina kabatani ka m'mbali mofatsa. Kadzenjeko anati mwezi uliwonse adzapempha wa ku chipatala kuti awadulire. Ine ndinkakhala pa mkeka n'kumasenda nyemba. Anthu odutsa ankapereka moni, "Monire, monire," n'kuima kudabwa ndi kamlatho kathu. Ndinkayankha moni osamva chilichonse.

Tsiku la mayeso linali Lachisanu, basi yanga inali ya Loweruka. Chikwama chawo ndinali nditalongedza kale mobisa, malaya anayi ndi jekete.

Koyamba foni inawerenga zonse molondola. Ndinatsata ndi chala m'maganizo, bokosi ndi bokosi. Kachiwiri chimodzimodzi. Adada anachotsa pepala, kuliika m'chikuto, kulitulutsanso, kuti poyamba pakhale poyamba penipeni. Analikankhira pa ngodya, kusalaza, n'kutembenuka kufuna foni imene anaiika pampando.

Apo ndinatambasula dzanja pansi pa thabwa. Ndinakoka pepala kulichotsa pa timitengo, kulisunthira kumanja ndi kulipotoza pang'ono, mwina zala zitatu. Zinali zokwanira kuti madzulo adulidwe. Sindinaganize nthawi yaitali, ndipo manyazi sindinamve. Ndinkangofuna kuti ndisabwerere ndekha ku Chipata, ndiponso kuti foni yanga isadzalire tsiku lina m'mawa ndi mawu a mlamu wanga.

Adada anagoneka foni pa thabwa. Chala chinafika pa kabatani, n'kuima. Kaya anamva kukhwekhwereza kwa pepala, kaya n'chizolowezi cha mphunzitsi choonanso kawiri, sindidziwa. Analowetsa dzanja pansi, n'kuyendetsa zala m'mphepete mwa timitengo. Anapeza mpata. 

"Pepala lasuntha," anatero. "Kapena ndi mphepo."

Kunalibe mphepo. Masamba a mango anali duu.

Analibwezera pa ngodya, kusalaza, kuchotsa manja, kuwerenga mpaka zitatu. Foni inawerenga mankhwala onse, alionse ndi manambala ake atatu, theka pamalo pa theka.

"Yakhoza, mama?"

Ndikanatha kunama. Pepala ndinkaliona ndine ndekha.

"Yakhoza, adada."

"Yewo," anathokoza. Kenako anafufuza dzanja langa pa tebulo, lomwe lija, n'kuligwira. Sanalifinye, anangoligwira monga ankachitira pondiwolotsa msewu wa ku boma ndili mwana. "Ukapite ukamasule chikwama changa. Jekete ndilifuna Lamulungu."

Ndinalowa m'nyumba, n'kutulutsa malaya anayi aja limodzilimodzi, kuwabwezera pa msomali pamene manja awo amawapeza. Pa malaya achitatu ndinakhala pansi pa simenti. Kulira kumene kunakana kumanda kunabwera pamenepo, ndipo adada anandisiya ndilire, sanandiitane.