Mbendera ya a Telala

Amuna anga ndi telala. Mkati mwa sabata amakhala pakhonde la sitolo, tepi m'khosi, masingano pamlomo, kumvetsera madandaulo a anthu omwe amanenepa okha n'kumanamizira buluku. Koma Loweruka likafika amavala kabudula wakuda yemwe anasoka okha, n'kukoleka wezulo m'khosi, ulendo wa ku bwalo la sukulu kukayimbira mpira wa ana. Ine ndimawanyamulira chikwama ndi botolo la madzi. Sikuti mpirawo ndimaukonda ayi, ndimangofuna ndidzionere ndekha tsiku lomwe adzawaswe mutu.

Anthu kubwaloko anawapatsa dzina loti a Sindikumva. Munthu ukhoza kuwatukwana mpaka mtsempha wa pakhosi kutuluka, iwo maso ali pa mpira basi. Amati ukangotembenuka kuyang'ana wokuwayo, wamulemba ntchito. Kunyumba amayesanso zomwezo ndikamawafunsa za denga lodontha, koma kumeneko siziyenda.

Ana sawavuta. Mpira usanayambe amaitana makaputeni awiri, n'kuwerama kuti alingane nawo msinkhu.

"Wodandaula adzere kwa inu, inu mubwere kwa ine," amatero. "Ndikalakwitsa ndalakwitsa, koma wezulo ikalira yalira."

Kamwana kakapitiriza kulongolola amakaitanira pambali, kukachenjeza motsitsa mawu, ndipo kadi yachikasu imatuluka pokhapokha kakabwereza. Ovuta ndi makolo. Kholo loonerera sungalionetse kadi. Chomwe woyimbira angachite ndi kuimitsa mpira, kuitana kochi wa timu ya khololo kuti akalankhule nalo, ndipo zikakanika, kuthetseratu masewerowo. Amuna anga kuthetsa masewero amadana nako, chifukwa olangika amakhala ana.

Ndiye anapeza njira yawoyawo. Mpira wa ana sukhala ndi othandizira woyimbira enieni, timu iliyonse imangopereka munthu mmodzi wonyamula mbendera, woti azionetsa mpira ukatuluka. Amuna anga anasoka mbendera ziwiri za nsalu zotsala pa mayunifolomu, ndipo amapempha kochi kuti imodzi ipite kwa kholo lomwe lili ndi pakamwa kwambiri. Munthu akathamanga uku ndi uko m'mbali mwa bwalo, mpweya wotukwanira umatha.

Chaka chathachi kunabwera a Butchala, bambo wamkulu thupi, mawu ngati akuitana munthu ali kutsidya kwa msika. Mwana wawo wamkazi anali goloboyi, kamtsikana kochepa thupi komwe anzake ankakatcha Kamphaka chifukwa cha kudumpha kwake. Chodabwitsa, a Butchala sankakalipira woyimbira. Ankakalipira mwana wawo yemwe.

"Tuluka! Bwerera! Iwe, manja amenewo ndi a chiyani? Ukundichititsa manyazi!"

Ankaima pafupi ndi golo yake penipeni. Kamphaka akati agwire mpira ankayamba wayang'ana bambo ake, ndipo Loweruka lina chigoli chinalowa choncho, pakati pa miyendo. Amuna anga anaimitsa mpira, anaitana kochi, kochi anakalankhula ndi a Butchala mwaulemu zedi. Anakhaladi chete, nthawi yokwanira kumeza malovu.

Pa nthawi yopuma ndikuwapatsa madzi amuna anga, tinaona Kamphaka wakhala yekha kuseri kwa golo, magolovesi wavula wawataya pa udzu. Ine mtima unandipweteka, ndinafuna kukawathira a Butchala madzi otsalawo. Amuna anga anapita n'kukagwada pafupi naye.

"Bwanji mayi, manja atopa?"

"Sindidzaseweranso," anatero Kamphaka, misozi ili mbwembwembwe. "Lero ndi lomaliza."

"Ine amandikuwiza Loweruka lililonse, ukudziwa? Usawamvere. Ungoyang'ana mpira. Tandiyesere chigawo chimodzi chokhachi."

Kamphaka anatola magolovesi aja. Amuna anga anakanong'onezana ndi kochi, kenako analunjika kwa a Butchala, mbendera ili m'manja.

"Achimwene, ndaona kuti mpira mumaudziwa. Tandithandizeni."

A Butchala anatukumula chifuwa, anailandira ngati mendulo.

"Mpira wonse ukadutsa mzere, kwezani. Ofusayidi ndi zina zonse musiyire ine. Koma wa mbendera salankhula, kaya ndi osewera, kaya ndi oonerera. Ikulankhulireni nsaluyo."

Anawaika mbali yomwe timu ya mwana wawo inkakagoletsa, kutali ndi golo ya Kamphaka. Abale, ndinaseka tsiku limenelo. Chimunthu chonse chija chikuthamanga ndi nsapato za kuntchito, thukuta kamukamu, pakamwa pali yasa koma mawu osatuluka. Uko Kamphaka anagwira mpira umodzi, kenako wina wovuta, anzake n'kumamusisita pamutu.

Kutatsala pang'ono kuti mpira uthe, mnyamata wa timu ya Kamphaka anathamanga ndi mpira m'mbali, pamaso pa a Butchala. Mpira unadutsa mzere wonse, pang'ono chabe, iye n'kuubweza msanga, kuuponyera pakati, mnzake n'kumwetsa. Makolo analumpha, chigoli chobweza chija chabwera. Koma mbendera inali m'mwamba. A Butchala anaikweza mochedwa, koma anaikweza. Amuna anga anaiona, analiza wezulo, n'kuloza kuti timu inayo iponye mpira. Chigoli palibe.

Makolo anzawo a timu ya Kamphaka anawatembenukira a Butchala.

"A Butchala, maso muli nawo? Mwatigulitsa!"

"Timu ya mwana wanu yomwe! Bwererani kokadula mafupa!"

A Butchala anatsegula pakamwa, anayang'ana mbendera, n'kutsekanso. Anangoima chilili, nkhope yagwa, ndipo kunena zoona ndinawamvera chisoni, ine yemwe ndinkafuna kuwathira madzi. Amuna anga sanayang'ane wokuwa ndi mmodzi yemwe. Ananyamula mpira, kuukhwapatira, n'kuuza kochi kuti suyambanso mpaka phokoso lithe. Kochi anayenda m'mbali monsemo akutontholetsa anthu, ndipo pang'ono ndi pang'ono bwalo linati zii.

M'kachetechete momwemo munamveka kamawu kuchokera ku golo ya kutali ija.

"Ababa! Musawamvere! Ingoyang'anani mpira!"

Ena anaseka, amayi ena anagwira pakamwa. A Butchala anapukuta kumaso ndi mbendera ya amuna anga, nthawi yaitali kuposa momwe thukuta limafunira. Kenako anabwerera pa mzere wawo, wezulo inalira, mpira unapitirira. Timu ya Kamphaka inaluza ndi chigoli chimodzi chomwe chija.

Pobwerera kunyumba ndinawauza amuna anga kuti mbenderayo achapa okha, ikununkha nyama. Iwo anachita za a Sindikumva.

Lolemba masana ndinali pakhonde la sitolo ndikuwathandiza kusomeka mabatani, ndipo ndinaona a Butchala akubwera, Kamphaka ali patsogolo ndi yunifolomu ya sukulu. Bambowo anapereka moni ndi mawu aang'ono omwe sindinkadziwa kuti ali nawo, n'kuima pambali. Mwana uja anaika magolovesi ake pa makina. Chala chimodzi chinali chitasomoka.

"Mufuna liti, mayi?" anafunsa amuna anga.

"Lisanafike Loweruka," anatero Kamphaka. "Ndipo musoke kolimba."