Zitsekerero Ziwiri pa Sipuleya Imodzi

Bambo anga sankapempha munthu nzeru. Mchere ankatha kupempha, moto ankatha kukapala kwa anansi, koma nzeru ya ulimi ayi. Anali ndi dimba la tomato kumunsi kwa mudzi wathu, kufupi ndi Nathenje, ndipo m'dimbamo mawu omaliza anali awo. Ine mwana wawo wamkazi, ngakhale ndinafika Fomu 4, ntchito yanga inali kusenza madengu ndi kutseka pakamwa. Ndikayerekeza kunena kanthu ankangoti, "Sukulu yakoyo inakuphunzitsa kudzala tomato pa bolodi?"

Nditakwatiwa ndinasamukira ku Mitundu, komwe ndinapeza ntchito m'sitolo yogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a mbewu. Mwini wake anali bambo wachisilamu, wofatsa, amene ankati ndikamaliza kupukuta fumbi ndiziwerenga zolembedwa pa mabotolo kuti ndisamachite manyazi pamaso pa alimi. Masiku amenewo ndimawasowa. Tsiku la msika anthu ankadzaza mpaka pakhonde, njinga zitatsamira khoma, wina atanyamula tsamba lodyedwa ndi mbozi kuti ndione ndekha. Madzulo ndinkapita kunyumba ndikununkha feteleza mpaka m'tsitsi.

Tsiku lina ndikukweza maso ndinangoona Bambo ali pakhomo la sitolo, chipewa chili m'manja. Anali atapalasa njinga kuchokera kumudzi. Anadikira kuti anthu achepe, kenaka anatulutsa m'thumba la jekete kabotolo ka mankhwala a mbozi, kokulungidwa m'pepala la shuga.

"Iwe, tandiwerengera ichi. Azungu alemba timalemba ngati nyerere."

Zaka zonse zija, aka kanali koyamba kuti Bambo andifunse kanthu kokhudza dimba. Ndinalandira kabotoloko ndi manja awiri. Zolembedwazo zinali m'Chingerezi chokhachokha, ndipo Bambo ankawerenga Chichewa chokha, cha m'Baibulo ndi m'buku la nyimbo. Ndinawerenga mokweza, ndikumasulira: mamililita 25 a mankhwala m'malita 20 a madzi.

"Mamililita ndiye chiyani? Ine ndilibe sikelo ya kuchipatala. Undiuze pa chitsekerero."

Sanalakwe kufunsa motero. Kwathu muyezo ndi chitsekerero. Alangizi anatiphunzitsa kuthira feteleza pa phando la chimanga ndi chitsekerero cha botolo la zakumwa, ndipo zitsekerero zimenezo n'zofanana kulikonse, kaya wachitola ku Nathenje kaya ku Diamphwe. Munthu wokulira m'menemo amadziwa kuti chitsekerero ndi chitsekerero basi.

Ndinachita masamu anga bwinobwino, ndipo mpaka lero ndimaumirira kuti anali olondola. Sipuleya ya Bambo, ija yoberekera kumsana, inali ya malita 16, osati 20. Choncho pa sipuleya yodzaza pankafunika mamililita 20. Ndinatenga kapu yoyezera ya m'sitolo, ndinayeza chitsekerero cha kabotolo kaja ndi madzi, n'kupeza kuti chimalowa mamililita 10. Ndinang'amba pepala m'kope ndi kulemba ndi zilembo zikuluzikulu: ZITSEKERERO ZIWIRI PA SIPULEYA IMODZI. Pansi pake ndinawonjezera kuti asathyole tomato mpaka patatha masiku asanu ndi awiri atapopera.

Zina zonse ndinazisiya. Pa botolo panalembedwa kuti wopopera avale magolovesi ndi zovala zofika m'manja ndi m'miyendo, atseke mphuno ndi pakamwa, asapopere dzuwa likuswa mtengo kapena kukuwomba mphepo, asadye kapena kusuta ali pa ntchitoyo, ndipo akamaliza asambe ndi sopo. Ndinadziuza kuti Bambo sangavale magolovesi ngakhale atawalamula a bishopu. Komanso, ndinene zoona, ndinkaopa kuti ndikachulutsa malamulo andibwezera pepala langa. Manambala 25 ndi 20 aja sindinawalembe n'komwe. Ndinaona ngati ndawathandiza powachotsera zovuta.

Pepalalo linagwira ntchito zaka ziwiri. Bambo analiika m'kapulasitiki ndi kulisomeka ku denga la khonde, pamene ankasungapo chikwanje. Tomato wawo anabereka mochititsa kaso, wofiira, wosaboola mbozi, ndipo amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu ku Nathenje ankachita kuwalondola kudimba. Anansi atatu anakopera mawu anga m'mapepala awo. Ndikapita kumudzi Bambo ankandionetsa kwa anthu ngati anthuwo sakundidziwa: "Uyu ndiye dokotala wa mbozi." Ankanena moseka, koma ine ndinkayenda ngati ndavala nsapato zatsopano.

Chaka chachitatu, m'mwezi wa Okutobala, ndinali ndi mwana wakhanda ndipo ndinatha miyezi iwiri osaponda kumudzi. Mbozi zinavuta kwambiri chaka chimenecho. Bambo anaona kuti timabotolo ting'onoting'ono tikutha msanga, ndiye anakagula botolo lalikulu la lita imodzi ku Nathenje. Mankhwala anali omwewo, dzina lomwelo, mphamvu yomweyo, chithunzi cha mbozi chomwecho. Chosiyana chinali chitsekerero. Cha botolo lalikululo chinali chakuya ngati kakapu, cholowa mamililita 30.

Bambo anatsata pepala langa monga analitsatira nthawi zonse. Anathira zitsekerero ziwiri, kutanthauza mamililita 60 pamene pankafunika 20. Anapopera masana, dzuwa la Okutobala lili pamutu, atavala kabudula ndi malaya ong'ambika pamsana, chifukwa pepala silinanene kanthu za dzuwa kapena zovala.

Uthenga unandipeza m'sitolo kudzera pa foni ya mlamu wanga wokhala kumudziko. Anati Bambo anadwala mutu ndi kusanza, anawatengera kuchipatala pa njinga, koma tsopano ali bwino ndipo abwerera kunyumba. Kenaka anawonjezera motsitsa mawu kuti, "Koma dimba, mlamu, mubwere mudzaone nokha."

Ndinabereka mwana m'mawa mwake ndi kunyamuka. Ndisanafike kunyumba, ndinatsikira kudimba. Masamba a tomato anali atapsa m'mbali, opiringizika, ofiirira ngati fodya wa m'chigafa. Maluwa anali atayoyokera pansi. Mizere imene inapoperedwa dzuwa litafika pamutu ndiyo inapseratu, ndipo Bambo anali atayamba kale kuizula ndi kuunjika pambali. Botolo lalikulu lija linali pansi pa mtengo wa gwafa. Ndinawerama ndi kuyang'ana chitsekerero chake. Sindinafunikire kapu yoyezera kuti ndidziwe chimene chinachitika.

Ndinakwiya, ndipo poyamba ndinakwiyira aliyense kupatula ine. Ndinakwiyira wopanga mabotolo, wogulitsa wa ku Nathenje amene sanawachenjeze, ngakhale Bambo amene, kuti munthu wamkulu osaona kuti chitsekerero ichi n'chachikulu? Koma ndikukwera mtunda wopita kumudzi mkwiyo unandithera. Pa botolo lalikulu panalembedwa zomwe zinalembedwa pa kakang'ono, mamililita 25 m'malita 20. Botolo silinasinthe mawu ake. Ndine ndinachotsa muyezo umene sungasinthe ndi kuikapo wanga umene unasintha pamodzi ndi botolo. Ndikanalemba nambala ija pambali pa zitsekererozo, mwina wina aliyense wodziwa kuwerenga akanawaimitsa dzanja.

Panjira ndinakumana ndi mmodzi wa anansi amene anakopera pepala langa, mayi wachikulire wolima kabichi. Anandipatsa moni, anaseweretsa mwana, kenaka anati, "Pepani ndi za bambo anu. Akuti dzanja linawanjenjemera pothira, mankhwala n'kuchuluka. Ukalamba ndi choncho, mwanawe."

Bambo amene sanavomerepo kulakwa m'dimba chibadwire changa anali atauza mudzi wonse kuti dzanja lawo linanjenjemera. Dzanja limenelo ndinkalidziwa, linkalowetsa ulusi m'singano popanda magalasi.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, ataonda pang'ono, akusongola chikhomo cha mbuzi. Ndinagwada, tinapatsana moni, anafunsa za mwana ndi za bambo ake. Za dimba sananene. Ndinayamba ndine.

"Bambo, dzanja lanu silinanjenjemere."

Anapitiriza kusongola.

"Pepala langa ndi limene lapha tomato, ndipo likanakuphani inunso. Pa botolo panali zambiri zimene sindinakulembereni. Anthu atatu ali nalo pepala lomwelo m'nyumba zawo. Mukapitiriza kunena kuti ndi dzanja lanu, mawa wina agula botolo lalikulu."

Apo anaika mpeni pansi. Anayang'ana kudimba. Ndinkadikira mawu aja a sukulu ndi bolodi, ndipo ndinali nditakonzeka kuwalandira, pakuti tsiku limenelo anali oyenera. Ndinkadziwa kuti sadzandifunsanso kanthu, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa tomato.

"Chitsekererocho ndinachiona kuti n'chachikulu," anatero pomaliza. "Ndinachiyang'ana kawiri. Koma ndinati mwana wanga analemba ziwiri."

Ndinalira pamenepo, mwana kumsana nayenso n'kuyamba. Bambo sanali munthu wotonthoza ndi mawu. Anadzuka pang'onopang'ono, analowa m'nyumba, ndipo anatuluka ndi kope la mdzukulu wawo ndi cholembera. Anatuma mlamu wanga kuti akatenge botolo kudimba ndi kuitana anansi atatu aja, abwere ndi mapepala awo.

Atasonkhana, ndinawauza ndekha chimene chinachitika, ndipo mayi wa kabichi uja anang'amba pepala lake pomwepo. M'chikwama ndinali ndi kapu yoyezera, yokhala ndi mizere ndi manambala m'mbali, yofanana ndi imene ndinayezera chitsekerero zaka ziwiri zapitazo koma osaganiza zowapatsa Bambo. Ndinaionetsa kwa onse, chala chili pa mzere wa 20. Kenaka Bambo anaika botolo patsogolo panga, anatembenuzira zolembedwa zija kwa ine, ndi kundipatsa cholembera.

"Yamba pamwamba mpaka pansi," anatero. "Manambala uwasiye mmene alili. Za magolovesizo ulembenso, kuvala kapena kusavala ndi nkhani yanga. Usandisankhire zoti ndimve."

Ndinalemba masamba awiri athunthu, iwo ataima pambali panga kudikira kuti awerenge.