Tsiku limene ndinaiwala mudzi wa Madala

Linali Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, chaka cha 2006, ndipo ine ndinali kuseri kwa nyumba yathu ku Madumabisa, komboni ya pa mgodi wa malasha kunja kwa Malawi, kuanula yunifolomu pa chingwe fumbi la malasha lisanaidetsenso. Amalume analowa pa geti, naima patsogolo panga, natsegula pakamwa. Sipanatuluke kanthu. Anayesanso, ndipo chimene chinamveka chinali ngati mpweya wothawa m'tayala la njinga.

Amalume anga ankagwira ntchito ya njanji ku Thomson Junction, yolumikiza mabogi, ndipo mawu awo ankamveka pamwamba pa phokoso la sitima. Chifukwa cha mawuwo, iwo ndiwo ankayendetsa mwambo uliwonse wa ku tchalitchi kwathu. Chimene anthu sankadziwa n'chakuti zonse zimene ankalankhulazo ndinkawalembera ndine. Ndinali Fomu 2, ndinali ndi kabuku kanga kolembamo za tsiku ndi tsiku, ndipo Chichewa ndinkachilemba bwino kuposa mmene ndinkachilankhulira. Kunja ndi anzanga tinkangocheza m'Chindebele.

"Chimfine," anatero amayi ali pakhomo. "Ndiye mawa wolankhula ndiwe."

Mawa lakelo kunali kutsanzikana ndi Madala, nkhalamba yoyandikana nafe nyumba, imene inagwira ntchito pa mgodi kuyambira amayi asanabadwe. Tsopano ankabwerera ku Malawi, Lachiwiri, ulendo wosabwereranso. Aliyense ankangowatchula kuti Madala, ngakhale abusa. Lachinayi lapitalo anandiitana pa khonde pawo kuti ndilembe mawu owaonetsera kwa anthu, ndipo anandiuza kuti za ntchito yawo ndingathe kudula mmene ndifunira.

"Koma izi usadule," anatero. "Dzina langa lonse, mudzi, mfumu, boma. Pa mgodi ndinali nambala, m'komboni ndine Madala. Ndikufuna ndimve munthu akunditchula monga amatchulira munthu wa kwawo, kamodzi kokha, ndisanakwere basi."

Ndinalemba zonse, ndipo mizere imeneyo ndinaidula mzere kunsi kawiri. Koma ndinkalembera pakamwa pa amalume, osati panga.

Madzulo a Loweruka amenewo amalume anandiphunzitsa monong'ona, tili pansi pa mtengo wa mango. Anandilanda pepala nati ndiloweze, chifukwa pepala likakhala m'manja mwa munthu wamantha limanjenjemera mpaka a kumbuyo amaliona. Ndinaloweza mpaka ndinatha kunena osapuma.

"Nanga ndikalakwitsa?"

"Upepese kamodzi," ananong'ona. "Kamodzi. Ukapepesa kawiri, anthu amayamba kukumvera chisoni, ndipo amaiwala mlendo. Tsikuli si lako."

"Nanga maiki ija ikazima?"

Maiki ya ku tchalitchi kwathu inali ya waya, ndipo polumikizira pake panali pomangidwa ndi selotepi. Inkalankhula ikafuna.

"Usaimenye, usaipemerere. Uiike pansi, usendere kutsogolo, ulankhule ndi munthu wokhala pa benchi yomaliza." Anatsokomola nthawi yaitali. "Ndipo usamaikhulupirire. Maiki yakufa imamva."

Lamulungu mapemphero atatha, anthu sanatuluke. Madala anawakhazika pa mpando wa ndalema kutsogolo, atavala suti yawo yabulauni imene inkawakulira m'mapewa. Amalume anakhala pa benchi yoyamba, mpango uli m'khosi ngakhale kunkatentha kale. Bambo woimba kiyibodi, amenenso ankasamala ampu ndi masipika, anandipatsa maiki nandichenjeza kuti ndisaime kutsogolo kwa sipika, ingalire.

Ndinayamba bwino. Ndinapereka ulemu kwa abusa, kwa akulu a mpingo, kwa amayi ndi abambo. Mawu anga anatuluka m'sipika ali aakulu, ngati a munthu wina amene sachita manyazi. Ndinanena kuti amene tikutsanzikana nawo lero anabwera kuno ali mnyamata, anagwira ntchito pansi pa mgodi, kenako m'nyumba yosungiramo nyali za anthu a pansi. Ndinatchula dzina lawo lonse, mayina atatu, osaphonya. Ndinamva amayi ena akufunsana kuti, "Kani ndilo dzina lawo?"

"Amenewa kwawo ndi m'mudzi mwa..."

Pomwepo maiki inazima.

Ndinamva mawu anga akubwerera kukhala aang'ono. Ndinayang'ana maiki, ndinayang'ana waya, ndinayang'ana bambo wa kiyibodi amene anali atagwada kale akugwedeza polumikizira. Nditadzutsa mutu kuti ndipitirize, mudzi uja unali utachoka. Mfumu inali itapita nawo. Boma lokha ndi limene linatsala, Dedza, lili lokhalokha m'mutu mopanda kanthu.

Ndinatembenukira kwa amalume. Anagwira thumba la jekete, kenako lina, kenako la malaya, ndipo nkhope yawo inandiuza kuti pepala lili m'ovololo ya ku ntchito, kunyumba. Ndiye anayamba kundiuza dzina la mudziwo ndi milomo yokha. Milomo ya amalume inali pansi pa ndevu zambiri. Nditalephera kuwerenga, anayamba kuchita ndi manja: anajambula chinthu chozungulira m'mwamba, analoza pansi, anakupiza zigongono ngati nkhuku. Mpaka lero sindidziwa kuti nkhukuyo inkalowa pati.

"Achimwene, mwagwidwa ndi chiyani?" anafunsa mayi wina pa benchi yachiwiri. "Tikuthireni madzi?"

Ine ndinali nditagwirabe maiki pafupi ndi pakamwa. Ndinadziyankhulira ndekha, motsitsa, m'Chindebele chimene chimatuluka ndikachita mantha: "Maye, sengikhohliwe." Kutanthauza kuti mayo ine, ndaiwala.

Nthawi yomweyo n'kuti bambo wa kiyibodi atapeza pamene waya unkagwira. Mawu angawo anatuluka m'masipika onse awiri, omveka bwino kuposa china chilichonse chimene ndinanena tsikulo.

Tchalitchi chonse chinaphulika. Atsikana a kwaya anagwerana. Abusa anaphimba nkhope ndi buku la nyimbo, mapewa akugwedezeka. Mdala wina kumbuyo anafuula kuti, "Maiki yamuulula!" Ndipo maikiyo, itamaliza ntchito yake, inazimanso.

Ndinafuna kuthawira kuseri kwa tchalitchi. Miyendo inali itavomera kale. Koma ndinaona Madala. Iwo okha ndiwo sankaseka, chifukwa makutu awo anatha ndi makina a pansi pa mgodi, ndipo anali atapendeketsa mutu, dzanja lili kukhutu, akudikirabe mudzi wawo.

Ndinadikira kuti kuseka kuchepe. Ndinaika maiki pa tebulo, ndinasendera kutsogolo, ndinasankha mdala wofuula uja pa benchi yomaliza.

"Mwamva nonse," ndinatero. "Pepani, ndaiwala. Koma mwini mudzi ali pompano."

Ndinapita pamene anakhala Madala ndi kugwada monga timagwadira popereka madzi kwa akulu.

"Agogo, mudzi wanu ndi uti?"

"Ati?"

"Mudzi wanu!"

"Kweza mawu, mwana iwe, ukulankhula ndi nyerere?"

M'moyo wanga wonse ndinali ndisanafuulepo pamaso pa anthu. M'kalasi aphunzitsi ankachita kubwera pa desiki yanga kuti amve yankho. Koma tsikulo ndinakoka mpweya ndi kufuula mpaka mwana wina amene anali kubere analeka kuyamwa: "AGOGO, MUDZI WANU NDI UTI?"

Madala anandiyang'ana modabwa. "Si ndinakuuza Lachinayi? Unalemba!"

"Ndinalemba, agogo! Pepala lili m'ovololo ya amalume!"

Anthu onse anatembenukira kwa amalume, amene anayamba kuyang'anitsitsa nsapato zawo.

"Ana a sukulu," anatero Madala, akupukusa mutu. "Cholembera chimakumbukira, mutu ayi." Kenako anagwira ndodo yawo naimirira pang'onopang'ono, nakonza jekete. Anatchula mudzi wawo.

Apa ndinazindikira kuti sizinathe. Iwo sanapemphe kuti adzitchule okha. Anapempha kuti amve munthu wina akuwatchula. Choncho ndinaimirira pambali pawo, kumbali ya khutu limene linkamvako pang'ono, ndipo ndinabwereza dzina lawo lonse ndi mudziwo, mokweza, kuyang'ana benchi yomaliza. Iwo anatchula mfumu, ine ndinabwereza.

"Boma ndikulidziwa," ndinatero msanga, asanatsegule pakamwa. "Dedza!"

"Chimodzi wakhoza," anatero Madala, ndipo anthu anaombera m'manja ngati ndapambana mayeso.

Pakati pa kuomba m'manjako panamveka nthungululu. Anali mayi wina wokalamba wogulitsa tomato pa msika, amene anakhala m'mpingo umodzi ndi Madala zaka zonsezi. Anabwera kutsogolo akukoka mwendo, nawagwira dzanja.

"Mfumu imeneyo ndi ya amayi anga! Inu, zaka zonsezi osanena?"

"Munandifunsa?" anatero Madala. "Mumangondigulitsa tomato wofewa."

Anayamba kufunsana za mitsinje ndi mabanja, mwambo utaima, abusa akuyang'ana wotchi. Amalume anandikodola ndi chala nandilozera Madala, kenako anthu. Ndinali ndisanamalize ntchito yanga. Ndinadikira mpata, ndipo ndinanena mzere womaliza, umene sunandithawe: "Amayi ndi abambo, nawa agogo athu, atilankhule." Ndinakakhala pansi.

Madala analankhula nthawi yaitali, opanda maiki, ndipo pena ankapukuta m'maso ndi mpango. Pomaliza ananena kuti mwana wawaonetsa bwino kwa anthu, kungoti wasiya kunena kuti iwo anali goloboyi wa timu ya mpira ya m'komboni. Zimenezo sanandiuzepo.

Potuluka, anthu ankandigwira dzanja, ena akunditchula kuti "Sengikhohliwe", dzina limene linandikakamira mpaka Fomu 4. Amalume ananong'ona kuti ndinapepesa kamodzi, ndipo anandigulira firiziti, kachakumwa kozizira koyamwa m'kapulasitiki. Za ovololo sananenepo kanthu.

Madala anandipeza pa geti la tchalitchi. Anatsamira ndodo nandiyang'ana.

"Nanga iwe," anatero, "kwanu?"

"Ku Ntcheu, agogo."

"Limenelo ndi boma. Mudzi? Mfumu?"

Ndinatsegula pakamwa ngati amalume dzulo lake. Apa sikunali kuiwala. Sindinkadziwa, ndipo ndinali ndisanafunsepo.

Abambo anali ku ntchito tsiku lonselo, ndipo anafika atatopa, nagona asanamve n'komwe za maiki. Ndinalemba zonsezi m'kabuku kanga dzuwa lisanalowe, ndipo pansi pake ndinasiya mizere iwiri yopanda kanthu. Ndinatsimikiza kuti mawa ndidzuka m'mamawa, ndiwapeze abambo akumanga zingwe za jombo, ndiwafunse mudzi wathu ndi mfumu yathu, kenako ndipite kukawauza Madala ndisanapite ku sukulu, popanda pepala.