Mafunso a telala Nizam

A Nizam ndi telala wa pakhonde ku Limbe, munthu woti ngakhale batani amalisoka mtima uli m'mwamba. Koma Lamlungu lililonse tikaswali Asiri, pemphero la chakumadzulo lija, ndiwo amatsogolera kagulu kathu ka amuna kunyumba kwawo ku Nkolokosa. Mafunso amalemba okha, n'kukaonetsa a shehe, kenako fotokope. Amatiwerengera ndime ya nkhani ya m'Korani, ndiye mafunso amayamba ndi zimene zinachitika, n'kubwera tanthauzo lake, omaliza ndi okhudza moyo wako. Funso limayenda motsata mmene takhalira, limene lakugwera umaliwerenga mokweza n'kuyamba ndiwe kuyankha. Zapano zimathera pano, ndipo funso sililoza munthu. Lamulo limeneli anaika okha a Nizamwo.

Mwezi umenewo tinali pa nkhani ya Mneneri Yusufu, uja abale ake anamuponya m'chitsime. Vuto linali lakuti m'gulumo tinali ndi a Kalimu ndi mng'ono wawo Alidi. A Kalimu ankayendetsa lole ya holoselo ina ku Limbe, Alidi ali wonyamula katundu. Alidiyo anakanama kwa bwana kuti akulu ake amapopa dizilo, a Kalimu ntchito n'kutha, makiyi a lole n'kupatsidwa Alidiyo. Kuchokera pamenepo ngakhale salamu sankapatsana. Tsono sadaka ya malemu mayi awo inali Loweruka, ndipo a Kalimu anali atalumbira kuti sakapondako ngati Alidi aliko. Mwana woyamba osaoneka pa sadaka ya mayi ake, abale inu!

A Nizam tulo sanaone. Anandiitanira pa makina awo n'kundionetsa funso lomaliza: "Amene anakulakwirani ataima pamaso panu lero, mungamuuze chiyani?" Anali atawerenga malo a pamphasa kuti funsolo ligwere a Kalimu.

"A Nizam, uku si kuloza munthu kumene mumaletsa kuja?" ndinawafunsa.

"Ndikudziwa, achimwene. Nanga nditani? Loweruka lili pafupi."

Ine zinandinyansa, koma ndinangoti chabwino.

Lamlungu linafika. A Nizam anawerenga ndime ija abale ake afika kudzapempha chakudya kwa Yusufu osamuzindikira. Funso loyamba linayenda bwino. Lachiwiri lili mkati, a Mohamedi ogulitsa matayala anatulukira mochedwa monga mwa nthawi zonse, thukuta kamukamu, n'kudzipanikiza pakati pathu. Basi, mzere wonse unasuntha. Ndinaona a Nizam akuwerenga mitu ndi maso, nkhope n'kugwa. Funso lija tsopano linali la Alidi.

Mafunso apakati ine sindinawamvetsere bwino. Wina anawerenga lofunsa chifukwa chake Yusufu sanadziulule msanga, a Mohamedi n'kuti ankafuna aone ngati abalewo anasintha. A Kalimu ankangoyang'ana zala zawo.

Alidi anawerenga funso lake, n'kukhala duu. Pagulu pathu wotsogolera sayankhira munthu, amadikira. A Nizam anadikira, ife tonse maso pansi.

"Funso ili si langa," anatero Alidi. "Ine palibe anandilakwira. M'nkhani umu ine ndili kumbali ya oponya m'chitsime. Dizilo uja achimwene sanabe. Ndinkafuna lole."

A Kalimu anadzuka n'kupita pamene tinavula nsapato. A Nizam anatsegula pakamwa, ine n'kuwatsina pabondo kuti asayerekeze.

"Telala, mumayesa sindinaone kuti funsolo munasokera ine?" anatero a Kalimu, nsapato imodzi ili m'manja. "Yusufu wanuyo anakhululuka ali nduna, nkhokwe zili tho. Ine ndikugulitsa zitsulo zakutha kumsika, ana anga anasiya sukulu. Mwalemba zimenezo pa pepala lanu?"

"Sindinalembe," anayankha a Nizam, manyazi atawagwira. "Ndalakwa, a Kalimu."

Ine ndinkangoti zatha, gulu lapasuka, sadaka yapita. Alidi misozi inali mbwembwembwe, munthu wamkulu ndevu pepeya.

A Kalimu anavala nsapato inayo pang'onopang'ono, n'kutembenukira kwa mng'ono wawo, koyamba chichokereni ntchito.

"Iwe, mawa ukanene kwa bwana wako zimene wanena panozi. Kukhululuka sindinakhululuke, usadzinamize. Koma mayi aja anali anganso. Loweruka udzanditenge m'mamawa, thumba la mpunga sindingasenze pamutu."