Imelo ya sitolo ya matewera

Inali sikisi koloko m'mawa, Florica ali mkati mosita malaya a mwamuna wake Nelu, pamene Neluyo anamuyandikizira foni kumaso. Inali imelo yochokera ku sitolo ya pa intaneti kumene Florica ankagula matewera a akuluakulu zaka zinayi zonse zimene ankadwazika apongozi ake.

"Takusowani! Patha miyezi isanu ndi umodzi musanagule kanthu. Mukagula sabata ino, tikutsitsirani mtengo. Ngati simukufunanso makalata athu, dinani apa."

"Imatumiza zimenezi ndi kompyuta, sidziwa kuti amayi tinawaika m'manda," anatero Florica. "Dina pansipo, asiye."

"Ndidinirenji? Ndaitanitsa kale mapaketi khumi. Amalume Titi akubwera Loweruka. Tasainirana kwa loya: tiwasamala mpaka imfa, nyumba yawo ya mumzinda wa Craiova idzakhala yanga."

"Awasamale ndani?"

"Iweyo, nanga ndani? Manja anazolowera kale. Taona, ngakhale sitolo yakusowa."

Florica anamaliza kolala, anazimitsa simbi, n'kukagogoda pa khomo la neba wawo, mayi amene ankamutchula mwaulemu kuti Tanti, kutanthauza azakhali.

"Tanti Aurelia, pepani. Njinga ya olumala ndinakupatsani maliro atatha ija, mungandibwezere lisanafike Loweruka?"