Swichi ya m'kachipinda ka kuseri kwa labu

Chakumapeto kwa ulamuliro woyamba wa matipate, abwana anga ku Lilongwe adandituma kuchipatala china cha mishoni m'mapiri a Ntchisi. Bambo amene ankasamala makompyuta kumeneko adali atamwalira mwezi wapitawo. Ntchito yanga idali yogawa netiweki ya makompyutawo pawiri, kuti ofesi ikhale payokha, labu ndi mawodi paokha.

Sisitere woyang'anira chipatala adanditsegulira kachipinda ka kuseri kwa labu. Swichi, bokosi lolumikiza makompyuta onse, idali pashelefu pamwamba pa mabatire. Jekete la malemuyo lidali likadali pamsomali.

"Chiwaikireni sitinakhudze chilichonse," adatero.

Ndidalumikiza laputopu kuswichiyo ndi waya wa konsolo, wolowera nawo m'malamulo ake. Swichi imakhala ndi malamulo awiriawiri: amene ikugwiritsa ntchito panopo, ndi osungidwa, amene imawerenga ikayaka. Nditayerekeza, adasiyana. Malemuyo adatsegula mabowo a swichi olumikizira makompyuta a labu yatsopano masabata omwe ankadwala, koma sadasunge. Mabatire okha ndiwo adali kugwirizira ntchito yawoyo.

Ndidakopera malamulo ogwira ntchitowo m'fayilo, n'kuiwerenga mpaka mzere womaliza kuti ndione ngati sidaduke. Ina ndidaika pa disiketi. Koma chimodzi ndidachita mphwayi: sindidawasunge m'swichi momwemo.

Nditangogawa netiweki, labu idasiya kuonana ndi mawodi. Ndidayesa apa ndi apo, zidangoipiraipira. Mwamantha ndidazimitsa swichi n'kuyatsanso, poganiza kuti ibwerera mwakale. Idabwereradi, koma ku malamulo a chaka chatha, labu yatsopano isanamangidwe.

Sisitere adafika pakhomo. "Achimwene, kuwodi ya ana akudikira zotsatira za magazi. Titumize munthu ndi mapepala?"

"Tumizani, Sisitere. Ndalakwitsa ndine. Ndipatseni theka la ola."

Sadandikalipire. Adatuma namwino, iwo n'kukhala pampando wa malemuyo.

Ndidatsegula fayilo ija n'kuyamba kubwezera malamulowo pang'onopang'ono, mizere khumikhumi, kuopa kuti swichi ingadumphe zilembo. Nditamaliza, nyali za paswichi za mabowo a labu zidali zozimabe. Kenako ndidakumbukira kuti kubwezera kotere kumangowonjezera, sikufufuta zakale. Ndidayerekeza mzere ndi mzere, ndipo ndidapeza lamulo lakale lotseka mabowo anayi likadalipo. Ndidalichotsa pa bowo lililonse. Nyali zidayaka, poyamba zachikasu, kenako zobiriwira.

Tidayenda limodzi ndi Sisitere kulabu, kumawodi ndi kuofesi, kuyesa kompyuta iliyonse. Zonse zitayankha m'pamene ndidasunga malamulowo m'swichi.

Kugawa netiweki ndidakusiya tsikulo. Ndidaimbira abwana n'kuwauza zonse, osabisa. Adati ndibwerereko Loweruka, odwala akachepa, ndipo ndikalembe papepala njira yobwezera zinthu mwakale ndisanakhudze kanthu.

Loweruka ndidapitadi, ndipo ntchitoyo idatha dzuwa lisanafike pamutu.